Uthenga wa WhatsApp woti upite mawa: njira za pa Android ndi pa iPhone, ndi imene ndimaidalira

Tiyerekeze kuti lero ndi Lachitatu, nthawi ili 11 koloko usiku, ndipo mwakumbukira kuti mnzanu wa kuntchito ayenera kubwera ndi makiyi a ofesi mawa. Mukamulembera panopa mumudzutsa, kapena awerenga ali ndi tulo n'kuiwala. Uthengawo ukufunika ufike 6:30 m'mawa, koma nthawi imeneyo inu mukhala muli mtulo chifukwa mwagona mochedwa. Pa Gmail mukanangosankha nthawi, pa Telegram chimodzimodzi. Pa WhatsApp mukafufuza batani lotero simulipeza.

Kuti timvetse chifukwa chake, tifunse funso limodzi: pakati pa 11 koloko usiku ndi 6:30 m'mawa, uthengawo ukhala uli kuti? Malo alipo awiri basi, pa seva ya kampani kapena m'foni mwanu. Telegram imasunga macheza wamba pa maseva ake, choncho kusunga uthenga wina mpaka nthawi yake itakwana n'kosavuta kwa iwo, ndipo umapita ngakhale foni yanu itazima. Taonani kuti m'macheza ake achinsinsi, amene amakhomedwa kuchokera pa foni kukafika pa foni inzake, mwayi wotchera nthawi mulibe. WhatsApp inasankha kukhoma kotereku pa macheza onse kuyambira mu 2016. Uthenga umakhomedwa m'foni mwanu, umatsegulidwa m'foni ya wolandira, ndipo seva ndi yongodutsitsa. Imausunga pokhapokha wolandirayo akakhala kuti sali pa intaneti, kwa masiku osaposa 30, ndipo ngakhale pamenepo siingauwerenge.

Anthu ambiri amathera pomwepa n'kunena kuti kukhoma uthengako ndiko kumaletsa. Ine sindivomereza kwathunthu. Signal, pulogalamu ina ya mauthenga imene njira yake yokhomera ndi yomwe WhatsApp imagwiritsa ntchito, imalola kutchera nthawi pa Android, ndipo uthengawo umadikirira m'foni momwemo. Apple nayo inaika Send Later mu iMessage mu 2024 pa iOS 18, yofika mpaka masiku 14 kutsogolo, ndipo uthenga umadikirira pa maseva awo uli wokhoma. Ndiye kuti n'zotheka, kungoti njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Uthenga ukadikirira m'foni, umadalira batire ndi netiweki. Ukadikirira pa seva, kampani iyenera kusintha mmene seva yake imagwirira ntchito. Palinso china chimene ndimachiona ngati cholemera kwambiri. WhatsApp yakhala ikulimbana ndi mauthenga otumizidwa mwachisawawa kwa anthu ambirimbiri. Mu 2019 inachepetsa kupatsira uthenga kufika pa macheza 5 nthawi imodzi, ndipo malamulo ake amaletsa kutumiza mauthenga ochuluka pogwiritsa ntchito makina. Kampani yotere sithamangira kupereka chida chotumiza uthenga mwini wake atagona.

Zotsatira zake n'zakuti njira zonse zozembera zimayankha funso limodzi: ikakwana 6:30, adina batani lotumizira ndani?

Pa Android yankho lake ndi pulogalamu ina imene imadzipanga kukhala chala chanu. Zodziwika ndi monga SKEDit ndi Wasavi, ndipo okonda kudzikonzera zinthu amagwiritsa ntchito Tasker. Mapulogalamuwa alibe khomo lolowera mkati mwa WhatsApp. Amadutsira pa Accessibility, gawo la Android limene linapangidwira anthu ovutika kuona kapena kugwira sikirini. Mukaloleza pulogalamu pamenepo, imatha kuwerenga zimene zili pa sikirini ndi kudina mabatani. Nthawi ikakwana imayatsa sikirini, kutsegula WhatsApp, kulowa m'macheza a mnzanu uja, kulemba mawu anu n'kudina batani, ngati mmene mukanachitira inuyo.

Vuto lili poyera mukangoganiza za chala chimenechi: foni yokhoma sichingaitsegule. Kuti uthenga upite inu muli mtulo, kawirikawiri pulogalamuyo imakupemphani kuti muchotse loko wa sikirini, kaya ndi PIN, patani kapena chidindo cha chala. Imakupemphaninso kuti muichotse pa mndandanda wa mapulogalamu amene foni imawagoneka pofuna kusunga batire, apo ayi foniyo iitseka usiku ndipo 6:30 idutsa popanda chochitika. Mukakana kuchotsa loko, mumatsala ndi njira imene SKEDit imaitcha `Ask me before sending`, yomwe imakuitanani nthawi ikakwana kuti mutsegule foni n'kuvomereza. Njira imeneyi ndi yabwino, koma pa nkhani yathu ya makiyi ikutanthauza kuti mudzukabe 6:30.

Apa ndipamene ndimaima. M'foni yomweyo muli mauthenga a kubanki, manambala achinsinsi obwera pa SMS, zithunzi za banja. Kuisiya yosakhoma usiku wonse, komanso kupatsa pulogalamu ya kampani ina mphamvu yowerenga sikirini yanu, n'kulipira zambiri kuposa zimene mukugula. Ngati muli ndi foni yachiwiri imene imangokhala patebulo pa chaja, yopanda za ndalama, pamenepo njirayi ikumveka. Dziwaninso kuti WhatsApp ikasintha maonekedwe a mabatani ake, chala chija chikhoza kusochera kufikira opanga pulogalamuyo ataikonza. Chizindikiro chake n'chakuti mumapeza mawu anu atalembedwa m'bokosi lolembera koma osatumizidwa.

Pa iPhone zinthu zimayenda mosiyana, chifukwa Apple silola pulogalamu ina kudina mabatani a inzake. Chimene chilipo ndi Shortcuts, pulogalamu ya Apple yomwe, ndipo WhatsApp inaikamo ntchito yake yotumiza uthenga. Mumatsegula Shortcuts, kupita pa `Automation`, kupanga yatsopano ndi kusankha `Time of Day`. Ikani 6:30, kenako sankhani `Run Immediately` kuti isamakufunseni kaye. Pa iOS 14 mpaka 16, mumazimitsa `Ask Before Running`. Mukatero fufuzani `Send Message` imene ili ndi chizindikiro cha WhatsApp, osati ya Messages, chifukwa mayina ake ndi ofanana ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa n'kutumiza SMS. Lembani mawu anu, sankhani wolandira kuchokera m'manambala osungidwa m'foni, mwamaliza.

Ubwino wake ndi waukulu: simunaike pulogalamu yachilendo, ndipo palibe amene akuwerenga sikirini yanu. Koma msampha uli pa kubwereza. `Time of Day` imangodziwa zitatu, tsiku lililonse, mlungu uliwonse kapena mwezi uliwonse. Ya kamodzi kokha palibe. Mukasankha Lachinayi, mnzanu uja alandira uthenga wa makiyi mawa, adzaulandiranso Lachinayi linalo, ndi linalo, mpaka mutakumbukira kuufufuta. Pa uthenga wa kamodzi, sankhani `Monthly` n'kuika deti la mawa, kuti mukhale ndi mwezi wathunthu wofufutira. Chachiwiri, ngati munakhoma WhatsApp yeniyeniyo ndi Face ID, loko ameneyo akhoza kutsekereza Shortcuts. Musadalire njirayi musanaiyese. Tcherani uthenga wopita ku nambala ya munthu wapanyumba kuti upite pakatha mphindi zitatu, khomani foni, muisiye pansi, muone ngati wafika.

Tikaziika pamodzi ziwirizi, iPhone ndiyo yapambana pa chitetezo, Android yapambana pa kusankha deti lenileni ndi kutumiza kamodzi. Chofooka chimodzi zili nacho zonse: uthenga ukudikirira m'foni mwanu. Batire ikatha 4 koloko usiku, palibe chimene chipite. Data ikatha, uthenga ukhala ndi kawotchi kakang'ono pambali pake, ndipo udzapita pamene intaneti yabwerera, mwina 9 koloko mnzanu atafika kale kuntchito chimanjamanja. Mukadzuka yang'anani chizindikiro. Kawotchi ndiye kuti sunachoke m'foni, tiki imodzi ndiye kuti wafika pa seva, matiki awiri ndiye kuti wafika m'foni ya mnzanu.

Ena amati ingoikani WhatsApp Business. Mmenemo muli `Away message`, imene mungaitchere maola, ndi `Greeting message`, koma zonsezi zimayankha munthu amene wayamba kukulemberani. Siziyambitsa macheza, choncho pa makiyi aja sizithandiza. Makampani amene amatumiza zikumbutso pa nthawi yake amagwiritsa ntchito WhatsApp Business Platform, yolipira, ya mauthenga ovomerezedwa kale, ndipo si ya munthu wofuna kukumbutsa mnzake mmodzi. Za GB WhatsApp ndi ena otere sindichedwapo. Ndi WhatsApp yosinthidwa ndi anthu osadziwika, macheza anu akhoza kugwera m'manja mwawo, ndipo WhatsApp imatseka akaunti zogwiritsa ntchito mapulogalamu amenewa. Kutaya nambala imene aliyense amakupezeranipo chifukwa cha uthenga umodzi n'kosayenera.

Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito kwambiri ndi yotsika kuposa zonsezi, ndipo imagwira pa mafoni onse awiri. WhatsApp ili ndi linki yake imene imatsegula macheza a munthu mawu atalembedwa kale:

```
https://wa.me/NAMBALA?text=Osaiwala%20makiyi%20a%20ofesi
```

Pamene palembedwa NAMBALA ikani nambala yonse kuyambira ndi khodi ya dziko, popanda chizindikiro cha +, popanda ziro woyambirira, popanda mipata. `%20` iliyonse ikuimira mpata pakati pa mawu. Linkiyo mumaiika mu kalendala kapena m'pulogalamu ya zikumbutso, n'kutchera nthawi. Foni ikalira mumadina linki, WhatsApp imatseguka uthenga uli kale m'bokosi, mumadina batani lotumizira. Ndi masekondi ochepa, loko wa foni ali m'malo mwake, ndipo palibe chobwereza mlungu wamawa.

Ndikudziwa kuti wodinayo ndinu, ndiye kuti 6:30 mutsegula diso limodzi. Koma ndaona kuti kudzuka kumeneko kuli ndi phindu limene makina sapereka. Pakati pa usiku ndi m'mawa zinthu zimasintha. Mwina mnzanuyo walemba 5 koloko kuti mwana wake wadwala ndipo sabwera. Linki ikatsegula macheza, uthenga wakewo mumauona pamwamba pa bokosi lolembera musanadine, ndipo mumafufuta za makiyi n'kumufunsa za mwanayo. Shortcuts kapena chala cha pa Android chikanatumiza "Osaiwala makiyi a ofesi" pansi penipeni pa uthenga umenewo.

Choncho uthenga wobwerezabwereza umene sudalira zochitika za tsikulo, monga kukumbutsa m'bale kumwa mankhwala 8 koloko usiku uliwonse, ndimaupereka ku Shortcuts ngati foni ndi iPhone, kapena ku foni yachiwiri ya Android yokhala pa chaja. Wa kamodzi, wopita kwa munthu amene angayankhe nthawi iliyonse, ndimauika mu kalendala ndi linki. Ndipo ngati mnzanu wa makiyiyo amawerenga imelo kapena ali pa Telegram, mutumizireni kumeneko ndi nthawi yotchera, muzimitse foni, mugone.