Ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba: iti yomwe maso ndi mphuno zingakuuzeni zoona pa butchala?

Anthu ambiri akafika pa butchala amangofuna nyama yofiira kwambiri, kenako n'kulipira. Kufiirako n'kumene kumanamiza ogula, chifukwa nyama zitatuzi siziwonongeka mofanana ndipo iliyonse imabisa vuto lake pa malo ake.

Tiyambe ndi ng'ombe. Mnofu wongodulidwa kumene umakhala woderako, ndipo ukakhala pa mphepo kwa mphindi 20 kapena 30 m'pamene umafiira bwino. Ukakhalitsa pa mbedza, pamwamba pamauma n'kuyamba kubiriwira, koma zimenezi pazokha sizitanthauza kuti nyama yawola. Muuzeni wogulitsa acheke pang'ono muone m'kati. Ngati m'kati muli mofiira, monyowa pang'ono koma mosanata, nyamayo ndi yabwino. Mafuta achikasu nawonso asakuopseni, ng'ombe zathu zodya msipu zimakhala choncho, makamaka zikuluzikulu. Choopsa ndi chikasu chomwe chafika mpaka m'mitsempha yoyera ndi pa nembanemba, chifukwa chimasonyeza kuti ng'ombeyo inali kudwala.

Pali nyama ya ng'ombe yakuda mitundu iwiri. Ina ndi yakuda, yolimba, youma, yomata chala pang'ono ngakhale yaphedwa lero. Imeneyi imachokera ku ng'ombe yomwe yayenda mtunda wautali kapena yavutika m'galimoto, n'kuphedwa isanapume. Imadyeka, koma sichedwa kuwonongeka, choncho iphikeni tsiku lomwelo. Ina ndi yakuda chifukwa magazi sanatuluke: timitsempha tadzaza magazi, mafuta afiirira, mukafinya ndi chala magazi akuda akutuluka. Iyi ndi ya ng'ombe yofa yokha kapena yozingidwa ili pafupi kufa. Isiyeni ngakhale mtengo autsitse bwanji.

Mbuzi sivuta. Ndi yaing'ono, nthawi zambiri imaphedwa m'mawa n'kutha tsiku lomwelo, ndipo mumaiona yonse itapachikidwa. Yaing'ono imakhala yofiira mopepuka, yokalamba imaderako, mafuta ake ndi oyera, ochepa, ambiri ali cha ku impso. Fungo la tonde si kuwola ayi, ndi fungo la mbuzi yamphongo yosafula, ndipo limamveka kwambiri ngati ubweya unakhudza mnofu posenda. Chongofunika kusamala ndi zam'kati. Matumbo ndi nthumbwana zimayamba kununkha mnofu usanasinthe n'komwe, ndiye muzigula m'mawa, ndipo aziike m'jumbo mwake zokha.

Pa kununkhiza ndi kukhudza, lamulo ndi limodzi pa nyama zonsezi. Nunkhizani pafupi ndi fupa, osati pamwamba pomwe pawombedwa ndi mphepo, chifukwa ntchafu yaikulu yomwe sinazizire msanga imayamba kusasa m'kati. Dinani ndi chala: nyama yatsopano imabwerera, pomwe yogona kapena yomwe inaumitsidwa n'kusungunuka imasiya kadzenje ndipo pansi pake pamadikha madzi ofiira. Magetsi akathima usiku wonse, yang'anitsitsani madzi amenewa m'mabutchala a mafiriji. Nyama ikaterera kapena kunanda ngati therere, musafunsenso zambiri.

Tsopano nkhumba, yomwe ndi nkhani yaikulu. Mtundu wake wabwino ndi wofiira motuwirako, mafuta oyera ndi olimba. Yotuwa kwambiri, yofewa, yochucha madzi imachokera ku nkhumba yomwe inapanikizika pophedwa, ndipo ikalowa mumphika imafota n'kuuma. Fungo la nkhumba yamphongo yosafula silimveka bwino nyama ili yaiwisi, limatulukira pamoto, choncho funsani ngati inali yofula. Zonsezi ndi zazing'ono. Vuto lenileni n'lakuti nyama ya nkhumba ikhoza kukhala yatsopano, yonunkhira bwino, yobwerera mukaidina, koma ili ndi masese.

Masese ndi timatuza toyera, ta madzi m'kati, tokula ngati njere ya mpunga kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kalikonse kamakhala ndi kadontho koyera pakati. Ndi ana a njoka ya m'mimba ija yaitali, yaphanthiphanthi. Nkhumba imawatenga ikadya chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo, n'chifukwa chake amapezeka kwambiri mu nkhumba zongoyendayenda m'mudzi. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake. Mazira a njokayo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja, m'madzi kapena m'chakudya, timatuzato timatha kukakhala mu ubongo n'kuyambitsa khunyu.

Pa nthuli ya nthiti yokutidwa ndi mafuta simungawaone msanga. Malo ake ndi kunsi kwa lilime, minofu ya m'masaya, mtima, khosi ndi phewa. Ndiye pemphani kuona mutu, ndipo wogulitsa acheke mozama pa phewa, mpeni umodzi wautali, atambasule mnofuwo pa kuwala. Kamodzi kokha mukakaona, nkhumba yonseyo ndi yokayikitsa, osati mbali yokhayo. Ena amapala timatuzato ndi mpeni kapena kuiduliratu nyama tizidutswa n'kuithira pa chiwaya. Kanyenya wa nkhumba wopsa kunja koma wofiira m'kati ndiye njira yeniyeni yomwe masese amalowera mwa munthu. Nkhumba iyenera kupsa mpaka pakati posatsala pofiira.

Chinanso, mukaona nyama ya nkhumba yachuluka mwadzidzidzi pamsika ndipo yatchipa, ganizirani chigodola. Chizindikiro chake ndi khungu la mawanga ofiira moderako m'makutu, pamimba ndi m'miyendo, kapamba wotupa wakuda, ndi timadontho ta magazi pa impso. Chigodola sichigwira munthu, koma zotsala za nyamayo ndi madzi otsukira zikafika ku khola, nkhumba zanu zitha kufa zonse.

Kunena mosapsatira, mbuzi mutha kuiweruza nokha, ng'ombe imafuna mpeni ndi mphuno, koma nkhumba musagule kwa munthu amene sakufuna kukuonetsani mutu wake.

Apa m'pamene wogulitsa amaposa nyamayo kufunika. Wodalirika amakuonetsani chidindo cha a vetenale pa nyama yopachika, sakwiya mukati acheke, ndipo amadula pamaso panu. Chipika chodulirapo chikhale chopalidwa, osati chakuda chodzaza utuchi wa mafupa a dzulo. Nyama yopakiratu m'majumbo ndi yomwe sindiikhulupirira konse, chifukwa m'menemo ndi momwe mumalowa zotsala za dzulo, pamwamba n'kuikapo nthuli imodzi yokongola.

Ndalama zambiri zimatayika pa sikelo. Tinene kuti mwagula kilogalamu imodzi ya nyama yosakaniza. Sikelo ikuba magalamu 100, mafupa ndi magalamu 300, mafuta ndi mitsempha magalamu 100. Mnofu womwe wafika kunyumba ndi theka la kilogalamu, kutanthauza kuti mwaugula pa mtengo wowirikiza kawiri wa womwe walembedwa pakhoma. Pamenepo siteki yopanda fupa, ngakhale ioneke yodula, ikhoza kukhala yotsika mtengo. Kuyesa sikelo n'kosavuta: onani kuti muvi uli pa ziro asanaike nyama, ndipo ikanipo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula. Yang'ananinso dzanja la wogulitsa akamaponya "kowonjezera" komaliza kuti sikelo ikwane, chifukwa nthawi zambiri kamakhala fupa. Wogulitsa wabwino amakufunsani kaye ngati mukufuna fupa la msuzi kapena mnofu.