Mimba Ikupweteka Pati Kwenikweni?

Munthu akati mmimba mukupweteka, ine ndimayamba kufunsa kuti pati. Chakumtunda kumanja pansi pa nthiti kuli chiwindi ndi ndulu, ndiye ululu ukamabwera mutadya zamafuta nkumalasa mpaka kuphewa lamanja, nthawi zambiri ndi timiyala ta mu ndulu, maso akachita chikasu musadikirenso. Chakumunsi kumanzere kuli matumbo aakulu, mwina ndi kudzimbidwa chabe, koma mayi amene wadumphitsa kusamba zikhoza kukhala mimba yomera mu chubu m'malo mwa m'chiberekero, imeneyo ndi ya kuchipatala pompo. Pakati ndiye pamapusitsa. Kutentha pa chifu kukhoza kukhala maalasazi, koma ululu woyambira pa mchombo nkutsikira kumanja mmunsi patapita maola angapo, kuphatikiza kusanza ndi kutentha thupi, nthawi zambiri kumakhala kutupa kwa kathumbo kakang'ono kotchedwa apendikisi.