Musagule wotchi iyi ngati cholinga chanu ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi

Wotchi zija zadzadza pa Kamuzu Road, za lamba wa labala, zopanda dzina la kampani pabokosi ngakhale kumbuyo kwake, ndinagula imodzi pa K25,000. Ndinagulira bambo anga a ku Khombedza, amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mnyamata wogulitsayo anandiuza ndi pakamwa pake kuti, "Asisi, iyi imayeza zonse. Madala sadzavutikanso kupita kuchipatala." Mawu amenewo ndi amene andilembetsa ndemangayi, chifukwa akhoza kuphetsa munthu.

Kulumikiza ndi foni kunakanika kuyambira tsiku loyamba. Kapepala ka m'bokosi kali ndi QR code imene imakutengera ku pulogalamu yake, ndipo pulogalamuyo isanachite chilichonse imayamba kupempha kuona manambala a anthu, mauthenga ndi kamera. Ndinatsatira zonse zimene zimafunika pa wotchi zamtunduwu. Ndinayatsa Bluetooth ndi Location, popeza Android yakale siipeza wotchi ngati Location ili yozima, ndipo pa foni ya Android 12 ya mlamu wanga tinalolanso Nearby devices. Ndinaichotsa pa mndandanda wa Bluetooth wa foni kuti pulogalamuyo iifufuze yokha, chifukwa foni ikaigwira kale kumeneko, nthawi zambiri pulogalamu siyiiona. Dzina la wotchi limatuluka ndithu, koma ukalidina kamangozungulira mpaka kulemba Connection failed. Choipa n'chakuti nthawi ndi tsiku imatenga ku pulogalamuyo, pawotchipo palibe pokonzera. Mpaka lero masana imaonetsa kuti ndi usiku.

Zimenezo ndikanapirira. Chandipsetsa mtima ndi manambala ake. Nthawi zonse bambo akadina pa BP inkalemba zapafupi ndi 120/80, lero 118/78, mawa 122/81, ndipo iwo anayamba kunena kuti achira, mapilitsi akungowavutitsa chabe. Tsiku lina anadzuka mutu ukuwawa kumbuyoku, tinapita nawo kuchipatala. Makina a namwino, aja omanga pamkono n'kupopa, analemba 168/102. Pomwepo, ali pabenchi lomwelo, ndinadina wotchi ija ndipo inalemba 119/79. Namwinoyo anangowauza mwaulemu kuti, "Agogo, mankhwala musasiye, ndipo muzibwera tizikuyezani kuno." Bambo anavomera kuti anali atadumphitsa kale masiku angapo osamwa. Mtima unandiwawa kwambiri.

Titabwerera ndinaiyesa ndekha, ndipo aliyense amene ali nayo achite chimodzimodzi. Ivuleni, muiike patebulo, mudine pa chizindikiro cha mtima. Yanga magetsi obiriwira akumbuyo anaphethira, kenaka inalemba 76, thebulo lopanda mtimalo. Ndinaivala n'kuyenda mothamanga mpaka kupuma movutikira, kenaka ndinagwira mtsempha wa padzanja n'kuwerenga kwa masekondi 30. Ndinapeza 58, kutanthauza 116 pa mphindi. Wotchi inali pa 81. Wotchi yeniyeni imawalitsa kuwala kobiriwira pakhungu, ndipo kadiso kena kamawerenga kuwala kobwerera pamene magazi akudutsa, choncho nambala imayenera kukwera mtima ukathamanga. Iyi ikuoneka kuti imangosankha nambala yabwino n'kuionetsa. Za mpweya wa m'magazi, pa SpO2, imangolemba 97 kapena 98, pamene kuyeza kumeneko kumafuna kuwala kofiira, kumene ine sindinakuonepo pawotchiyi. Mapazi nawo imawerenga ngakhale uli pakabaza wanjinga yamoto, msewu ukangokhala wa mabampu.

Sindinganame kuti yonse ndi yachabe. Batire limakhalitsa, zomwe n'zofunika kumudzi kumene kutchaja n'kolipira, ndipo galasi lake limaoneka bwino ngakhale padzuwa la Salima. Ilinso ndi Bluetooth yachiwiri ya mawu, imene inalumikizika osavuta, moti foni ikalira umayankhira pamkono ndipo mawu amamveka. Mwana wa sukulu wofuna kutchena akhoza kuikonda, bola ikhale yoti nthawi yake yakonzeka.

Koma wogulitsa uja sindinamukhululukire. Nditaibweza, anayamba kunena kuti vuto ndi foni yanga. Ndinamupatsa kuti alumikize ndi yake, inakana pamaso pake, ndipo anatembenuka n'kunena kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Nditamuuza za 168/102 ija anangoti, "Aaa, imeneyo ndi ya masewera, asisi, si ya chipatala." Nanga pogulitsa paja sananene bwanji? Ndikuchoka, anali akuuza mayi wina wachikulire mawu omwe aja, akuti imayeza zonse, ndipo ndinabwerera n'kuwauza mayiwo kuti ayambe aiika patebulo asanatulutse ndalama.