Wolemba wobisa ndi wolemba woulula: ndani amakusunga maso mwachilungamo?

Anzanga amene timabwerekana mabuku kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa chifukwa chake ndimakana mabuku ena a zaupandu ndi ukazitape, chonsecho ndi omwe amatha msanga kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni. Nkhani ndi yakuti olemba ali ndi njira ziwiri zokugwira kuti usagone, ndipo imodzi ndili nayo mangawa.

Yoyamba ndi yobisa. Machaputala amakhala afupiafupi, masamba atatu kapena anayi, ndipo chilichonse chimathera pamene chitseko chatseguka kapena foni yalira. Yachiwiri ndi youlula: wolemba amakuuza iwe woopsa ali kuti, koma anthu a m'nkhanimo sakudziwa.

Pa liwiro, yobisa imapambana, sindingakane. Ngati mumawerenga pang'onopang'ono podikira minibasi kuti idzaze, machaputala afupi ndi abwino.

Koma kubisa kuli pawiri, ndipo apa ndi pamene ndinapsa mtima. Ndinagula chibuku chachikulu, dzina lake ndilisunge. Wapolisi wa m'nkhaniyo timayenda naye m'maganizo mwake kuyambira tsamba loyamba: tikudziwa kuti mutu ukumupweteka, tikudziwa kuti akulakalaka mkazi wake amene anamusiya. Kenako akutsegula envelopu, akuona chithunzi, manja akunjenjemera, chaputala chatha. Chotsatira chikutitengera kwa munthu wina, mzinda wina. Tikubwerera kwa wapolisi uja, akuyendetsa galimoto, akuganiza za khofi, za mvula, za chilichonse kupatula nkhope imene waiona. Munthu amene wangoona chinthu chomunjenjemeretsa angaiwale kuchiganizira? Apa si wapolisi amene sakudziwa. Ndi wolemba amene watseka pakamwa pa munthu wake kuti ine ndipitirize kutembenuza masamba.

Mathero a chaputala otere ndi ngongole: wolemba wakongola chidwi chako, ndipo akachedwetsa kubweza, chiwongoladzanja chimakwera. Yankho lobwera patatha masamba 60 liyenera kugwedeza nkhani yonse. M'buku langa lija, nkhope ya pachithunzi inali ya munthu amene tonse tinkamukayikira kale. Kuchokera pamenepo foni ikalira kumapeto kwa chaputala, mtima wanga sunkagundanso.

Kubisa kwachilungamo kulipo. Ngati wapolisiyo nayenso sakumudziwa munthu wa pachithunzi, tili mumdima limodzi, ndipo ndimamutsata mosanyinyirika.

Njira youlula anaifotokoza bwino Alfred Hitchcock, katswiri wa mafilimu. Anthu akucheza, bomba lili pansi pa tebulo. Likangophulika oonera osadziwa, amadzidzimuka masekondi 15. Koma akaliona likutcheredwa, n'kudziwa nthawi yophulikira, amakhala mtima uli m'mwamba mphindi 15. Tiyerekeze ndi kwathu kuno. Wina wacheka paipi ya mabuleki a minibasi yochoka ku Mzuzu kupita ku Karonga. Wolemba wobisa angamalize chaputala ponena kuti dalaivala anaponda buleki, maso n'kutong'oka. Woulula amationetsa kuchekako usiku, kenako m'mawa kondakitala akukangana ndi mayi wina za chenji, akudutsa pa Ekwendeni, aliyense akuseka. Owerenga amene amadziwa mtsetse wa Chiweta sangapume. Chaputala chikhoza kuthera pa mawu wamba, dalaivala akunena kuti lero tifika msanga, ndipo amaluma kuposa kukuwa kulikonse.

Frederick Forsyth anafika nayo patali njirayi mu The Day of the Jackal, buku la mu 1971. Ndi nkhani ya munthu wolembedwa ganyu yopha Charles de Gaulle, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la France, pamene owerenga ankadziwa kuti de Gaulle anamwalira kunyumba kwake mu 1970, osaphedwa ndi wina. Mathero ndi odziwika, koma umaona wakuphayo akupeza mapasipoti abodza ndi mfuti, kwinaku wapolisi akumulondola, ndipo funso limakhala lakuti mpata wa pakati pawo utsekeka liti.

Nayo ili ndi chilema chake. Imayamba mozizira, chifukwa wolemba ayenera kuyala zinthu kaye, ndipo munthu wa m'nkhani akachedwa kwambiri kuzindikira zimene iwe ukudziwa, umayamba kumuona ngati chitsiru. Komabe ine ndili mbali iyi.

Musanapereke ndalama, tsegulani pakati pa buku, muwerenge mzere womaliza wa machaputala atatu otsatizana. Ngati onse akuthera pa munthu amene waona kapena wamva chinthu chimene inu simunauzidwe, sakani pamene yankho la loyamba labwera. Likapezeka m'chaputala chotsatira kapena chachiwiri chake, n'kubala vuto latsopano, gulani. Mukafufuza masamba 20 osalipeza, libwezeni pamulu.