Nyenyezi zinayi: imalemba bwino ukaiuza zonse

Ndimaweta nkhuku zanyama ku Lunzu, ndipo kwa miyezi itatu ndakhala ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya AI ya pafoni polemba mauthenga otsatsa malonda pa WhatsApp. Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ngakhale sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kuifufuta.

Nkhani yonse yagona pa pulomputi. Awa ndi mawu amene umalemba m'kabokosi ka m'munsi kaja pofotokoza zomwe ukufuna. Pulogalamuyi siidziwa khola langa kapena makasitomala anga. Imatenga mawu amene wayipatsa n'kumalosera mawu oyenera kutsatira, pang'onopang'ono, potengera zolemba zambirimbiri zomwe inaphunzitsidwa. Pomwe wasiya mpata, imadzazapo zomwe zimapezekapezeka m'zolembazo.

Tsiku loyamba ndinangolemba kuti: "Lemba uthenga wotsatsa nkhuku." Panatuluka ndime zinayi zotamanda nkhuku mosatchula mtundu, zolonjeza kuti timakaperekera pakhomo ulere, chinthu chomwe sindichita. Mtengo inaikapo wakewake. Ndikanatumiza osawerenga, bwenzi nditakangana ndi anthu.

Kenako ndinalemba motere: "Lemba uthenga wa WhatsApp wosapitirira mawu 40, wopita kwa amayi ophika m'malesitilanti. Nkhuku zanyama za masabata 6, iliyonse pafupifupi makilogalamu awiri, zilipo 80, wogula adzatenge yekha Loweruka m'mawa. Ukhale waulemu, woyamba ndi moni. Pa mtengo siya mpata ndilembe ndekha." Zinatuluka ziganizo zitatu zomwe ndinangokonza mawu awiri basi. Chomwe chinasintha kwambiri kalembedwe ndi kutchula owerenga. Nditachotsa amayi a m'malesitilanti n'kuikapo mabanja okonzekera Khirisimasi, uthenga unasiya kukamba za kugula zambiri nthawi imodzi, unayamba kukamba za chisangalalo cha pakhomo.

China chomwe ndaphunzira n'chakuti chitsanzo chimaposa malangizo. Kuiuza kuti isakokomeze kumathandiza pang'ono chabe. Koma nditamata uthenga wanga wakale womwe makasitomala anaukonda, n'kunena kuti itsanzire kalembedwe kameneko, inagwira mpaka kutalika kwa ziganizo zanga.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa ziwiri. Chichewa chake nthawi zina chimamveka ngati chomasuliridwa kuchokera ku Chingelezi, ndipo imasokoneza "iwe" ndi "inu", zomwe kwa kasitomala wamkulu ndi mwano. Tsopano ndimalemberatu kuti igwiritse ntchito "inu" paliponse. Chachiwiri, mukakambirana nayo zambiri patsamba limodzi, zakale zimalowerera m'zatsopano: mtengo wa mazira unapezeka mu uthenga wa nkhuku. Malonda atsopano aliwonse ndimawayambira tsamba latsopano.

Dziwaninso kuti nthawi zambiri pulomputi yomweyo siitulutsa mawu ofanana kawiri. Ine ndimayesa katatu, n'kusankha uthenga umodzi, ndipo manambala onse ndimawayerekeza ndi kope langa la m'khola ndisanatumize.