Ndemanga yanga pa njinga ya Buffalo: katundu imasenzadi, koma yambani mwafunsa za masipeya

Ndimagula chimanga ndi soya m'midzi n'kumakagulitsa pamsika wa Mitundu, ndiye kwa ine njinga si yokayendera abale. Buffalo ndayikwera nyengo yamvula ndi yachilimwe yomwe, ndipo ndikuona kuti ndalama zanga sizinapite m'madzi.

Chimene chinandikopa ndi kaliyala. Eni ake amati imanyamula makilogalamu 100, kutanthauza matumba awiri a makilogalamu 50. Mukaphatikiza ine wa makilogalamu 65, felemu ikusenza 165, ndipo ambiri mwa amenewa akutsamira tayala lakumbuyo. Njinga yofooka imayambira pamenepo kudwala. Imene ndinali nayo kale, yomwe sinditchula mtundu wake, inkathyola masipoko pafupi ndi habu, pamene sipoko imapindika. Ikathyoka imodzi, zinzake zimalandira katundu wake, limu n'kuyamba kupepera, mawa zathyoka zina ziwiri. Pa Buffalo masipoko ndi onenepa ndipo limu ndi yachitsulo. Chimene ndachitapo n'kukamangitsa masipoko atakhwepa pang'ono m'miyezi yoyamba, monga zimakhalira ndi njinga iliyonse yatsopano.

Felemu nayo ndi yachitsulo chochindikala. Ubwino wa chitsulo ndi wakuti chimachenjeza chisanathyoke, ndipo wowotcherera wa pa tiledingi senta angathe kuchilumikiza. Pogula njinga iliyonse ya katundu, makamaka yogwirapo kale ntchito, yang'anitsitsani pamene mapaipi akumana: kunsi kwa chishalo, pamapedalo, ndi kuseri kwa khosi pamene palowa foloko. Penti akasweka ngati kamzere, kapena dzimbiri likatuluka motsata mzere umodzi, dziwani kuti mng'alu wayamba mkati. Kenaka imani kumbuyo kwake muone ngati matayala awiriwo ali pamzere umodzi. Njinga yopindika imakokera mbali imodzi, ndipo ndi matumba awiri kumbuyo manja amatopa musanapite patali.

Kulimba kumeneku kuli ndi mtengo wake. Njingayi payokha imapitirira makilogalamu 20 ndipo imene ndili nayo ili ndi giya imodzi. Pamtunda wathyathyathya, kapena kuti pachigwa, imayenda bwino ikangogwira liwiro. Pachitunda tsikani mukankhe, palibe manyazi. Wokhala kumapiri ngati ku Dedza aganize kawiri za zimenezi.

Za dzina, Buffalo ndi ya bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005, ndipo kuno ambiri tinayamba kuiona ndi ana asukulu ndi alangizi a zaumoyo. Chimene ndimakhulupirira kwambiri si mbiri imeneyo ayi, koma kufunsa akabaza ndi amakaniko apansi pa mtengo. Iwo ndiwo amadziwa njinga imene imabwera kawirikawiri ndi foloko yopindika. Dzina lomata pa felemu aliyense angamate.

Nkhani yaikulu ili pa masipeya. Njinga zakuda zachikale, zamtundu wa Humber, Hero ndi Phoenix, zimakhala ndi matayala a mainchesi 28 ndi mabuleki a ndodo, ndipo zipangizo zake zili ponseponse, ngakhale m'kaokala ka kumudzi. Buffalo ili ndi matayala a mainchesi 26. Tayala ndi chubu cha 28 sizingalowe, ndipo masipoko ake ndi osiyana kutalika. Tcheni, timabolo ndi girizi sizivuta kupeza. Choyenera kuchifunsa ndi habu yakumbuyo, chifukwa buleki ili m'menemo: mumaima popalasa chobwerera. Buleki yotere ndi yabwino m'matope chifukwa madzi safika mkati, komanso limu ikapepera pang'ono imagwirabe. Koma tcheni ikagwa, buleki imeneyo yathanso, ndiye tcheni isamakhale yolendewera. Palinso kachitsulo kochokera pa habu komangidwa ku felemu. Bawuti yake ikamasuka, buleki siigwira bwino. Ine ndimaigwira ndi chala ndisananyamuke. Habuyo ikafuna kutsegulidwa, pafunika makaniko woidziwa, chifukwa tizitsulo tamkati tili ndi dongosolo lake pobwezera.

Ndiye musanapereke ndalama, pitani kwa wogulitsa masipeya wakwanuko mukamufunse zinthu zitatu: tayala la 26 lolimba, masipoko a saizi yake, ndi zamkati mwa habu. Akakuonetsani, kapena ngati shopu ya Buffalo ili pamtunda woti mungapite n'kubwerako tsiku lomwelo, gulani osakayika. Ngati zonse n'zoitanitsa kutauni, njinga yachikale ya 28 yomwe mwaisinthira masipoko onenepa ndi kaliyala yowotcherera ingakuthandizeni kuposa pamenepo. Kwa ine wa ku Mitundu, Lilongwe ili pafupi, ndiye Buffalo ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5.