Timawu ngati "well", "um" ndi "you know" pa masabutaito: kuchotsa, kumasulira kapena kusiyira khutu?

Tiyambe ndi kanema wa masekondi 20 yemwe ndinagwirapo ntchito, chifukwa nkhani imeneyi imavuta kuikambirana m'malere. Mayi wina akufunsidwa m'Chingerezi ngati bwana wake wakale ankamuchitira chilungamo. Iye akuyang'ana kumbali, kenako akuti: "Well... um... he was, you know, he paid on time." Yankho lonseli likutenga masekondi atatu. Aliyense womva Chingerezi akudziwa kuti mayiyu sanayankhe funso. Walizemba mwaulemu, ndipo kuzembako kuli mu timawu tija timene ambiri timati n'topanda ntchito.

Pali njira zinayi zomwe anthu olemba masabutaito amatsata akakumana ndi zoterezi, ndipo zonse ndinaziyesa pa chiganizo chimodzi chomwechi. Koma choyamba tikumbukire malo omwe tili nawo. Malamulo a Netflix, omwe ambiri amatengerako ngakhale sakugwirira ntchito kampaniyo, amalola mizere iwiri yokha, zilembo 42 pa mzere m'zinenero zambiri, ndipo m'zinenero zambiri zomasuliridwa amati wamkulu aziwerenga zilembo 17 pa sekondi. Powerengera zilembo timaphatikiza mipata ndi zizindikiro zomwe. Choncho m'masekondi atatu a mayi uja tili ndi zilembo 51 basi. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, ndiye malowa amatha msanga kuposa momwe amathera m'Chingerezi.

Njira yoyamba, yomwe ndi yofala kwambiri, n'kuchotsa zonse. Pa sikirini pangotsala "Ankalipira pa nthawi yake." Zilembo 26, zowerengeka bwinobwino, diso litha kubwerera pa nkhope ya wolankhula. Pa "um" ambiri njirayi ndiyo yolondola, ndipo sindikutsutsa konse. Munthu akamafotokoza momwe makina amagwirira ntchito n'kumati "um" kasanu pofufuza mawu, owonera sataya kanthu mukamuchotsera. Mukawasiya onsewo, mumamuonetsa ngati munthu wosadziwa zomwe akunena, chifukwa chibwibwi cholembedwa chimaoneka chachikulu kuposa chomveka. Khutu limachilumpha lokha, diso silingathe. Koma pa mayi wathu uja njirayi yanama. Wowerenga akuona ngati akuyamikira bwana wake molimba mtima, pamene iye akudandaula mobisa.

Njira yachiwiri n'kumasulira liwu ndi liwu, ndipo imeneyi ndiyo ndimadana nayo. Imatulutsa izi: "Chabwino, eee, anali, mukudziwa, ankalipira pa nthawi yake." Zilembo 59 m'masekondi atatu, kutanthauza pafupifupi 20 pa sekondi, kupitirira muyeso uja. Mukatsegula pulogalamu yolembera masabutaito ngati Subtitle Edit kapena Aegisub muona nambala ya CPS, kutanthauza zilembo pa sekondi, yakwera, ndipo ngati munaika malire pa 17 pulogalamu ikuchenjezani. Koma kutalika ndi vuto laling'ono. Vuto lalikulu ndi lakuti liwu lililonse lasanduka china. "Chabwino" kwa ife ndi kuvomera. "Eee" akalembedwa amawerengeka ngati "ee" wovomera, chifukwa polemba sitisonyeza kamvekedwe komwe kamasiyanitsa kuganizira ndi kuvomera. Ndiye mayi wafunsidwa ngati bwana anali wachilungamo, ndipo sabutaito yamuvomeretsa kawiri. "Mukudziwa" naye, akaima pakati pa chiganizo, akumveka ngati akuuza wofunsayo kuti nkhaniyi akuidziwa kale, mwinanso ngati akumudzudzula kuti akufunsiranji.

Ineyo ndinalakwitsapo chimodzimodzi ndikuyamba kumene. Bambo wina anafunsidwa ngati angabwerekenso ndalama, anayamba ndi "well" wautali wokana, ine n'kulemba "Chabwino". Amene ankayang'anira ntchitoyo anandifunsa funso limodzi: "Mwaona mutu wawo bambowa ukupita kuti pamene mwalemba chabwino?" Ankapukusa mutu.

Njira yachitatu n'kufunsa kuti kamawuko kakugwira ntchito yanji, kenako n'kupeza momwe Chichewa chimagwirira ntchito yomweyo, ngakhale popanda kamawu kapadera. Apa ndi pomwe pali phindu, ndipo ndichedwapo.

"Well" woyambira yankho nthawi zambiri amachenjeza kuti zomwe zikubwera si zomwe wofunsa akuyembekezera. Ife tili ndi njira yathu yochitira zimenezo, yobwereza mneni: "Kulipira kokha ankalipira pa nthawi yake." Werenganinso. Mulibe "well", mulibe "um", mulibe "you know", koma aliyense wolankhula Chichewa wamva kuti zina zonse sizinali bwino. Zilembo 41, zokwana mzere umodzi, pafupifupi 14 pa sekondi. Mungathenso kulemba "Kaya... koma ankalipira pa nthawi yake," zomwe zili ndi zilembo 39, kungoti "kaya" akuwonjezera kukayikira kumene mayiyo mwina sanafune kukuonetsa poyera. Ine ndinasankha yobwereza mneniyo.

Si "well" aliyense amene ali wotere. Pali wina wotseka nkhani kapena woyamba gawo lina, ngati munthu akuti "well, let's start", ndipo ameneyu ndi "basi" kapena "ndiye": "Basi, tiyeni tiyambe." Apa ngakhale "chabwino" amakwana. Palinso wodzikonza, monga "three years, well, almost three", yemwe kwa ife amangokhala "zaka zitatu, kapena tinene kuti pafupifupi zitatu", ndipo malo akachepa "pafupifupi zaka zitatu" ikwanira. Ndiye liwu limodzi lomwelo likhoza kufuna mayankho atatu m'kanema mmodzi. Amene amasunga mndandanda wakuti liwu ili limamasuliridwa chonchi nthawi zonse amagwa pomwepa.

"You know" nayenso ali ndi nkhope zingapo, ndipo malo ake m'chiganizo ndiwo amakuuzani. Akakhala kumapeto, mawu n'kukwera ngati funso, wolankhula akupempha kuti mumugwirizane naye, ndipo "eti" kapena "mwaonatu" amagwira bwino. Akakhala koyamba pokumbutsa chinthu chodziwika kwa onse awiri, "paja" ndiye mwini malo, ndipo ndi waufupi: zilembo zinayi zokha. Akakhala pakati, munthu akufufuza dzina la chinthu lomwe lamuthawa, ndi "ujeni" wathu. Koma "ujeni" ndimamugwiritsa ntchito mosamala, chifukwa akalembedwa amaseketsa, ndipo si kanema aliyense amene akufuna kuseketsa. Pamene "you know" wangokhala chizolowezi cha pakamwa, wobwera m'chiganizo chilichonse, ndimamusiya kamodzi koyambirira kuti khalidwe la munthuyo lioneke, ena onsewo ndimachotsa. Musaiwalenso kachidutswa kathu ka "-tu". Zilembo ziwiri zokha zimanyamula kutsindika komwe Chingerezi chimafunira mawu awiri: "zinali zovutatu".

Kuipa kwa njira yachitatuyi n'kwakuti imakupatsani mphamvu zambiri. Mukawerenga molakwa maganizo a wolankhula, mumamuikira m'kamwa dandaulo lomwe sananene, ndipo limamveka lachilengedwe moti palibe angakayikire. Pa kanema wa umboni, kapena wa munthu amene mawu ake angamubweretsere milandu, ndimabwerera m'mbuyo pang'ono n'kutenga njira yachinayi.

Njira yachinayi simasulira kamawuko koma imasonyeza kudodoma ndi madontho atatu komanso ndi nthawi. Owonera akumva "um" ndi makutu awo, sakufunika kumuwerenga. Chomwe akufuna n'chakuti sabutaito isawaululire yankho munthu asanalinene. Mukaika chiganizo chonse pa sikirini mayi uja akadali pa "well", wowerenga wamaliza kale iye akadali kuganiza, ndipo kuzengereza kwake kwafa. Ndiye mumachedwetsa, kapena kugawa pawiri. M'fayilo ya masabutaito ya mtundu wa SRT zimaoneka chonchi:

```
7
00:00:09,200 --> 00:00:10,300
Anali...

8
00:00:10,400 --> 00:00:12,200
ankalipira pa nthawi yake.
```

Yang'anani kuti sabutaito ya nambala 7 ikukhala sekondi imodzi ndi pang'ono. Musaifupikitse kuposa pamenepo kwambiri, chifukwa yosakwana pafupifupi sekondi imangophethira, wowonera n'kutsala akudabwa kuti chadutsa n'chiyani. Ya nambala 8 ili ndi zilembo 26 m'masekondi 1.8, pafupifupi 14 pa sekondi, ndiye ili bwino. Njirayi siwonjezera chilichonse chomwe mayiyo sananene. Wayamba kufotokoza za khalidwe la bwana, wasiyira panjira, wathawira ku malipiro, ndipo wowerenga adzigamulira yekha.

Madontho ali ndi msampha wawo. Ena amawagwiritsa ntchito posonyeza kuti chiganizo chikupitirira pa sabutaito yotsatira. Mukasakaniza ntchito ziwirizi m'kanema mmodzi, wowerenga sadziwanso kuti madonthowa akutanthauza kudodoma kapena kungopitirira. Sankhani imodzi. Ine ndimawasungira kudodoma kokha, ndipo sindiwaika kupitirira kawiri kapena katatu m'kanema wa mphindi imodzi, apo ayi munthu aliyense amaoneka ngati watsala pang'ono kulira.

Pali chinthu china chomwe chimandithandiza kusankha "um" woyenera kusunga. Akatswiri awiri, Herbert Clark ndi Jean Fox Tree, analemba mu 2002 kuti m'Chingerezi "uh" amatsogolera kudikira kwakufupi pamene "um" amatsogolera kudikira kotalikirapo. Pa ntchito yathu izi zikutanthauza kuti muziyang'ana mpata womwe uli pambuyo pake pa chithunzi cha mafunde a mawu chomwe pulogalamu imaonetsa. Mpata ukakhala waufupi, chotsani osaganiza kawiri. Ukafika sekondi yathunthu, makamaka pambuyo pa funso lolasa, kukhala cheteko ndi gawo la yankho.

Zonsezi zimasintha mukaganizira amene sakumva mawu. Timakanema tatifupi tambiri timaoneredwa pa foni mawu atatsekedwa, ndipo palinso anzathu osamva. Kwa iwo mfundo yakuti khutu lidzamva lokha siigwira, ndiye njira yoyamba imawabera zambiri. Pa masabutaito a osamva ndimasunga kudodoma kochulukirapo, ndipo pena ndimalemba mwachidule kuti munthu akuzengereza. Komanso kanema woimirira wa pa foni ali ndi malo opapatiza, zilembo 42 sizikwana pa mzere pokhapokha muchepetse zilembozo mpaka zosawerengeka. Chiganizo changa cha zilembo 41 chija pamenepo chimagawika pawiri, "Kulipira kokha" pamwamba, "ankalipira pa nthawi yake" pansi, ndipo chimagawika pamalo pabwino, pomwe munthu angapumire polankhula.

Pa kanema wa mayi uja ndinapereka mitundu iwiri. Wa pa foni unatenga "kulipira kokha", chifukwa ndinkadziwa kuti ambiri adzauonera osamva mawu ndipo nkhope ya mayiyo inkagwirizana ndi zomwe ndinalemba. Wautali, momwe mayiyo ankatchula za malipiro ndi mgwirizano wa ntchito mwatsatanetsatane, unatenga "Anali..." ndi madontho ake, ndipo sabutaito yachiwiri ndinaichedwetsa mpaka atabweza maso kwa wofunsa.